Kotesheni ya mmisiri wokonzanso bafa: kuiwerenga mzere ndi mzere

Mmisiri akabwera kudzaona bafa lofuna kukonzanso, akhoza kukusiyirani pepala la mzere umodzi: "Kukonza bafa, zonse pamodzi, K3,200,000." Wina amakusiyirani pepala lodzaza, lokhala ndi zipangizo pazokha, ndalama ya leba payokha, ndipo kumapeto ndalama ya zadzidzidzi. Mitengo yomaliza ya awiriwa ikhoza kufanana ndithu, koma pepala loyambalo mulibe chimene mungayeze nokha. Ntchito ikafika pakati, mmisiri n'kunena kuti "abwana, simenti yatha," mulibe pogwira. Simudziwa kuti anawerengera matumba angati, ndipo mwina iyenso sadziwa.

Kotesheni yolembedwa bwino ndi imene mwininyumba angathe kutenga tepi, pensulo ndi foni, n'kutsimikizira mzere uliwonse payekha. Pabafa izi n'zofunika kuposa pachipinda china chilichonse, chifukwa ntchito yambiri ya m'bafa imakwiririka. Mapaipi amalowa m'khoma, mankhwala otchinga madzi amabisika pansi pa matailosi, ndipo tsiku lomaliza diso limangoona zowala za pamwamba. Chimene sichinalembedwe papepala, n'chovuta kudziwa ngati chinaikidwa.

Titenge bafa limodzi tilitsatire mpaka kumapeto. Ndi la m'nyumba yakale ya njerwa, ngati zija zili mbwee ku Nkolokosa, ku Chilomoni kapena ku Area 18. M'litali ndi mamita 2.4, m'lifupi mamita 1.8. Muli chimbudzi chamadzi, sinki, ndi bafa lachitsulo logonamo lija, limene eni ake akufuna lichoke kuti pakhale shawa. Mapaipi ndi achitsulo akale, ndipo khoma la kuchipinda choyandikana lakhala likufundula penti m'munsi. Miyeso ndi kuchuluka kwa zipangizo zimene ndipereke mukhoza kuziwerengetsa nokha. Mitengo yokha ndi yachitsanzo, yongofuna kuonetsa kayendedwe ka masamu. Yeniyeni ndi imene mukaipeze kuhadiweya sabata imene mukugula.

Pamwamba pa kotesheni, ndalama zisanatchulidwe n'komwe, payenera kukhala ndime yonena ntchito imene igwiridwe ndi imene sigwiridwa. Apa: kugumula matailosi akale ndi pulasitala wofooka, kuchotsa bafa lachitsulo, kusintha mapaipi onse a m'kati mwa chipindacho, kupaka pulasitala, kupanga fulo yotsetsereka, kutchinga madzi, kuika matailosi mpaka mamita 2.1 kuchokera pansi, kuika chimbudzi, sinki ndi shawa, kupenta pamwamba potsala. Zosakhudzidwa: giza, mawaya a magetsi, chitseko, zenera, ndi mapaipi a kunja opita ku sepitiki thanki. Ndime ya zosakhudzidwayi ndi imene anthu ambiri amaidumpha, chonsecho mikangano yambiri imabadwira pomwepo. Mwininyumba amaganiza kuti "kukonza bafa" kukutanthauzanso chitseko chovunda m'munsicho. Mmisiri sanachiwerengere ndipo sakulakwa.

Tsopano zipangizo. Tiyambe ndi matailosi, poti ndiwo amadya ndalama zambiri ndipo ndi osavuta kuwerengetsa. Pansi: 2.4 kuchulukitsa ndi 1.8 zimapereka masikweya mita 4.32. Makoma: kuzungulira chipindacho ndi mamita 8.4, kuchulukitsa ndi 2.1 zimapereka 17.64. Muchotsepo chitseko cha mamita 0.8 kwa 2.1 ndi zenera laling'ono la masentimita 60 mbali zonse, patsala masikweya mita 15.6. Pamenepa mmisiri wodziwa ntchito amaonjezera gawo limodzi mwa magawo khumi, chifukwa matailosi amadulidwa m'makona, mozungulira mapaipi ndi pazenera, ndipo ena amasweka podula. Ndiye makoma afuna pafupifupi masikweya mita 17.2. Ngati matailosi ake ndi a masentimita 25 kwa 40, obwera 15 m'katoni, katoni imodzi imakuta masikweya mita 1.5, kotero pafunika makatoni 12. Pansi, matailosi a masentimita 30 mbali zonse obwera 11 m'katoni amakuta pafupifupi sikweya mita imodzi, ndipo makatoni 5 akwana.

Kotesheni ikanena makatoni 18 a kukhoma m'chipinda chotere, funsani mwaulemu: "Achimwene, owonjezerawa akupita pati?" Nthawi zina yankho limakhalapo, monga ngati anawerengera kufika kusiling'i. Koma ikanena makatoni 10, musasangalale kuti yatchipa. Matailosi akathera pakati pa khoma, mukhoza kubwerera kuhadiweya n'kupeza mtunduwo watha, kapena wafika wa dzina lomwelo koma wootchedwa ulendo wina, wosiyana pang'ono maonekedwe. Kusiyanako sikuoneka m'sitolo, kumadzaoneka pakhoma mpaka kalekale. N'chifukwa chake matailosi amagulidwa onse tsiku limodzi, mutaona kuti nambala yosindikizidwa pamakatoni ndi imodzi, ndipo otsala amasungidwa kuti adzathandize pulambala akadzaswa imodzi mtsogolo.

Mzere wa matailosi uyeneranso kunena mtundu wake. Apansi akhale okhakhala, osaterera akanyowa. Matailosi osalala a pabalaza kuwaika m'shawa ndi kuitana ngozi, makamaka m'nyumba mmene muli agogo kapena ana. Ngati simunasankhe, mmisiri alembe kuti waika K30,000 pa katoni ngati mtengo wongoyembekezera. Mukadzasankha okwera kuposa pamenepo muonjezera, mukasankha otsika yotsalayo ndi yanu. Chimodzimodzi chimbudzi, sinki ndi mipopi. Mawu oti "chimbudzi chimodzi" okha sakwanira, poti zilipo za mitengo yotalikirana kwambiri. Komanso china chimatulutsira kumbuyo kudzera m'khoma, china chimatulutsira pansi, ndipo mukagula chosagwirizana ndi pamene paipi yakale ili, mwadzibweretsera ntchito yoswa konkire imene panalibe.

Simenti ndi pamene manambala amakonda kufufuma, mwina chifukwa mwininyumba sadziwa kuti bafa limadya matumba angati. Masamu ake si ovuta. Pulasitala wokhuthala masentimita 1.5 pa makoma athu aja, wosakaniza muyeso umodzi wa simenti ndi inayi ya mchenga, amafuna matumba awiri a makilogalamu 50. Fulo yokhuthala masentimita 4, ya muyeso umodzi kwa itatu, imafuna thumba limodzi ndi theka kapena kuposerapo pang'ono. Kuonjezera zotsekera ngalande zimene pulambala wasema m'khoma, matumba asanu akwana bwinobwino, ndi mawilibala asanu ndi atatu a mchenga wa kumtsinje wosefa. Mukaona matumba 15, ndiye kuti pali ntchito ina imene sinalembedwe kumutu kuja, kapena matumbawo ali ndi kwina kopita.

Pali chifukwa chimodzi chimene chimakweza simenti moona: amisiri ena amamata matailosi ndi matope a simenti wamba m'malo mwa guluu wa matailosi. Pa matailosi akale omwa madzi, amene amayamba aviikidwa, njirayi imagwira ikachitidwa bwino. Koma matailosi olimba a masiku ano, osamwa madzi aja, sagwirana bwino ndi matope wamba, ndipo pakapita nthawi amayamba kusiyana ndi khoma. Choncho muyang'ane mzere wa guluu. Thumba la makilogalamu 20 limakuta masikweya mita anayi kapena asanu pakhoma lowongoka. Bafa lathu lili ndi masikweya mita pafupifupi 20, ndiye matumba asanu, kuika lachisanu ndi chimodzi lodikirira. Ngati alemba atatu okha, dziwani kuti guluuyo adzamuika madontho asanu kumbuyo kwa tailosi m'malo momupaka ponseponse ndi chopakira cha mano. Ntchito yotere imadziulula: gogodani tailosiyo ndi khobidi, imalira ngati ng'oma, pamene yomatidwa bwino imangoti phi. M'mphako zimenezo ndimo madzi amakhala.

Mzere umene ndimaufunafuna poyamba m'kotesheni iliyonse ya bafa ndi wa mankhwala otchinga madzi. Ukasowa, ndimadziwa kuti mmisiriyo akudalira matailosi kuti atchinge madzi, ndipo matailosi satero. Madzi amadutsa m'mizere ya pakati pawo, makamaka m'makona mmene khoma limakumana ndi fulo, n'kulowa m'pulasitala, n'kumwedwa ndi njerwa. Penti wofunduka kuchipinda choyandikana chija, ndi ufa woyera umene umatuluka m'munsi mwa khoma, nthawi zambiri ndiwo umboni wake, ngati si paipi yodontha. Mankhwalawa amapakidwa kawiri, kachiwiri mopingasa koyamba, pafulo yonse, kukwera masentimita 15 kapena 20 m'makoma onse, ndipo m'shawa kukwera mpaka pamwamba pa mutu, mamita 1.8 kapena kuposa. M'makona ndi mozungulira chibowo chotulukira madzi amaikamo kansalu kolimbitsa kuti pasadzang'ambike. Kotesheni itchule dzina la mankhwalawo, kuchuluka kwake, ndi kuti apaka kangati. Pa chidebe kapena thumba pamalembedwa malo amene muyeso wakutiwakuti umakuta, ndiye mukhoza kufananiza ndi masikweya mita anu.

Mapaipi ndi ovuta kuwerengetsa kwa munthu wamba, poti timagoli ndi tolumikizira timachuluka. Sindiona vuto mmisiri akatiphatikiza pamzere umodzi, bola kukula kwa mapaipi akuluakulu kulembedwe: wa mamilimita 110 wa chimbudzi, wa 50 wa shawa, wa 40 wa sinki, ndi apulasitiki otchedwa PPR a mamilimita 20 obweretsa madzi ozizira ndi otentha. Muonenso ngati waika mpopi wotsekera madzi a bafa lokha. Ndi kachinthu kotsika mtengo, koma popanda iko, tsiku limene thanki ya chimbudzi idzavute mudzatseka madzi a nyumba yonse kumita.

Zonsezi zikaikidwa pamodzi, mbali ya zipangizo m'chitsanzo chathu ikuoneka motere. Matailosi a kukhoma K360,000, apansi K160,000, guluu K120,000, ufa wotsekera mizere ndi tina ndi tina K60,000. Simenti K175,000, mchenga K40,000, mankhwala otchinga madzi K150,000. Chimbudzi K280,000, sinki ndi mpopi wake K170,000, za shawa K160,000, mapaipi K185,000, penti K60,000. Thiransipoti yotutira katunduyu K80,000. Zonse pamodzi K2,000,000. Thiransipotiyo ilembedwe ndithu, chifukwa ikapanda kulembedwa imatuluka m'thumba mwanu pang'onopang'ono, lero pikapu, mawa kabaza, osadziwa kuti yafika zingati. Mufunsenso ngati mitengo ya kuhadiweyayo ili kale ndi msonkho wa VAT.

Leba imalembedwa m'njira zingapo, ndipo njira yake imasintha khalidwe la ntchito. Amisiri ena amangotenga gawo la mtengo wa zipangizo, kunena kuti leba ndi 30 kapena 40 pa 100 iliyonse. N'zosavuta kuwerengera, koma zili ndi chilema. Mukasankha chimbudzi chokwera mtengo kawiri, leba imakwera pamene mabawuti omanga ndi omwewo. Komanso thumba lililonse loonjezera limene mmisiri walemba limamukwezera malipiro, zomwe sizimulimbikitsa kuwerengera mosamala. Kulipira pa tsiku nako kumatalikitsa ntchito. Njira imene imateteza onse awiri ndi kulemba leba pa gawo lililonse la ntchito, ndipo pamene n'koyezeka, pa sikweya mita.

M'chitsanzo chathu: kugumula ndi kutaya zogumulazo K120,000, pulambala K250,000, pulasitala ndi fulo K150,000, kupaka mankhwala otchinga madzi K60,000, kuika matailosi masikweya mita 20 pa K9,000 iliyonse, K180,000, kupenta ndi kuyeretsa K40,000. Pamodzi K800,000. Onani kuti woika matailosi amalipidwa pa malo amene wakuta, masikweya mita 20, osati pa pafupifupi 23 amene anagulidwa. Onaninso mawu oti "kutaya". Kubafa laling'ono chotere kumatuluka mulu wa zidutswa wodzaza mawilibala ambiri, ndipo ngati sizinalembedwe, muluwo umatsala pakhomo panu miyezi.

Leba yotsika kwambiri iyenera kukudetsani nkhawa kuposa yokwera, chifukwa m'bafa mbali ina ya ntchito ndi kudikira. Pulasitala ndi fulo zimafuna kuthiriridwa madzi kwa sabata, kenako ziume, asanapake mankhwala. Mankhwalawo akauma, amatseka chibowo cha shawa, n'kudzaza madzi pafulo masentimita angapo, n'kulemba chizindikiro pakhoma, n'kudikira maola 24 kuti aone ngati madziwo atsika. Mapaipi nawo amatsekedwa kumapeto n'kutseguliridwa madzi ali poyera, asanakwiriridwe, kuti podontha paoneke. Masiku amenewa mmisiri sapeza kanthu pamalopo, ndipo amene wadula leba mpaka pafupa amawadumpha kuti athamangire ganyu ina. Wokulonjezani kuti bafa logumula mpaka panjerwa litha masiku anayi, wakuuzani kale zimene adumphe. Milungu itatu ndi nthawi yomveka, ndipo a pabanja akonzekere kosambira kwina.

Pafulo palinso luso limene leba ikulipira koma silioneka papepala pokhapokha mutalilembetsa. Fulo ya shawa iyenera kutsetsereka kulowera kuchibowo, pafupifupi sentimita imodzi ndi theka pa mita iliyonse. Kutsetserekaku kumapangidwa pa fulo ya simenti, osati pochulukitsa guluu pansi pa tailosi. Kuyesa kwake n'kosavuta: asanaike matailosi, thirani ndowa ya madzi pakona yakutali, muone kumene akuthamangira. Akaima pakati kapena akalunjika kuchitseko, nthawi yokonza ndi imeneyo, ndipo ndi udindo wa mmisiri, popanda ndalama ina.

Zipangizo ndi leba zapanga K2,800,000. Mzere wotsatira ndi wa ndalama ya zadzidzidzi, ndipo ndi umene anthu amaumvetsa molakwika mbali zonse ziwiri. Mwininyumba wina amauona ngati kuba, n'kuuza mmisiri kuti aufufute. Mmisiri wina amauona ngati wake, n'kuulandira pamodzi ndi dipoziti. Onsewa aphonya. Ndalamayi ndi ya mwininyumba, imakhala m'manja mwa mwininyumba, ndipo imatuluka pokhapokha pakapezeka chinthu chimene munthu wodziwa ntchito sakanatha kuchiona asanagumule. Mmisiri amene waiika pakotesheni yake akukuuzani zoona: kuti sanaone kuseri kwa matailosi, ndipo inunso simunaoneko.

Kukula kwake kumatsata kuchuluka kwa zosaoneka. Kuika matailosi m'bafa la nyumba yatsopano, 5 mpaka 10 pa 100 iliyonse imakwana. M'nyumba yakale ya mapaipi achitsulo ndi khoma lachinyezi ngati yathuyi, 15 pa 100 ndiyo yanzeru. Pa K2,800,000 imeneyo ndi K420,000, ndipo kotesheni yonse ikufika K3,220,000.

Tiyerekeze kuti ntchito yayamba. Atachotsa bafa lachitsulo lija, apeza kuti pansi pake panalibe konkire yolimba, koma dothi ndi zidutswa za njerwa zonyowa, poti paipi yotulutsa madzi inakhala ikudontha zaka zambiri. Pamenepa sipangakhale shawa osakumba, kuthira kwale, kutsendera ndi kuthira konkire. Mmisiri ayenera kuimitsa ntchito, kukuitanani kapena kukutumizirani zithunzi, n'kulemba: simenti matumba awiri K70,000, kwale K30,000, leba K40,000, pamodzi K140,000. Inu muvomereze molemba, ngakhale pa uthenga wa pafoni, ntchitoyo isanagwiridwe. Kenako pulambala, pofuna kulumikiza mapaipi atsopano ku akale, apeza kuti paipi yachitsulo yochokera panja yadzaza dzimbiri m'kati mpaka kabowo katsala kochepa, ndipo mazinga ake akungothothoka akaigwira ndi sipanala. Kusintha mamita asanu ndi limodzi mpaka pamene pali chitsulo chabwino kukudya K95,000. Zonse ziwiri ndi zadzidzidzi zenizeni. Zatenga K235,000, ndipo K185,000 yotsalayo sinachoke m'thumba mwanu ndipo sichoka. Bafa latha pa K3,035,000.

Kwa amene muli ku Joni kapena kutali kwina, mukutumiza ndalama kuti akonze bafa la kwa amayi, dongosolo la chithunzi, mtengo, chivomerezo, kenako ntchito, ndilo diso lanu. Musatumize ndalama ya zadzidzidzi pamodzi ndi zinazo. Ikafika pamalo, chadzidzidzi sichisowa.

Pali zinthu zitatu zimene zimakonda kuvala malaya a zadzidzidzi pamene si zadzidzidzi. Choyamba ndi zoiwala za mmisiri. Akanena kuti sanawerengere ufa wotsekera mizere, kapena guluu waperewera chifukwa khoma limene anapaka yekha lapindika, limenelo ndi vuto la kawerengedwe kake. Mukhoza kumumvera chisoni n'kumuthandiza, koma mudziwe kuti mukumuthandiza. Chachiwiri ndi kusintha maganizo kwanu. Mayi a m'nyumba akaona matailosi ena okongola n'kufuna amenewo, kapena mukaganiza zoika chitseko cha galasi pashawa, imeneyo ndi ntchito yoonjezera, ilembedwe papepala lake ndi ndalama yake. Mukaitapa pa ya zadzidzidzi, tsiku limene dzenje la pansi pa bafa lidzaoneke mudzakhala mulibe kanthu, ndipo ntchito idzaima nyumba ilibe posambira.

Chachitatu ndi kukwera kwa mitengo, ndipo ichi n'chovuta kuposa zinazo chifukwa palibe wolakwa. Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 pa 100 mu Meyi 2022, n'kutsitsidwanso ndi 44 pa 100 mu Novembala 2023, ndipo katundu wambiri wa m'bafa, monga matailosi, zimbudzi ndi mipopi, amachokera kunja. Mmisiri wamng'ono alibe mpamba woti n'kumeza kukwera kotere. Mukamukakamiza kusunga mtengo wa miyezi itatu yapitayo, adzaupeza kwina: guluu wochepa, mankhwala opaka kamodzi. Njira yothetsera vutoli si ndalama ya zadzidzidzi, koma tsiku. Kotesheni ikhale ndi tsiku limene yalembedwa ndi masiku amene mitengo yake igwire ntchito, kaya 7 kaya 14, ndipo katundu wokwera mtengoyo agulidwe yense koyambirira. Simenti yokha musaigule kale kwambiri, poti imagwira chinyezi n'kuuma m'thumba, makamaka nthawi ya dzinja. Ikhale pamatabwa, osati pansi.

Zimenezi zikutifikitsa pa funso loti agule ndani. Mukagula nokha, mumaona mtengo weniweni ndipo malisiti amakhala nanu, koma mukagula cholakwika, kapena chikachedwa kufika amisiri ali chikhalire, mlandu ndi wanu. Akagula mmisiri, ndi zomveka kuti aikepo kena ka nthawi ndi maulendo ake, bola anene poyera. Njira yapakati imene imayenda bwino ndi kupitira limodzi kuhadiweya kukagula zazikulu, iye n'kumasankha zoyenera, inu n'kumalipira, kenako n'kumupatsa ndalama yochepa ya tizinthu ta tsiku ndi tsiku yobweza ndi malisiti.

Mukatenga makotesheni awiri kapena atatu, musayambe n'kuyang'ana nambala ya pansi. Ikani mapepalawo pambali pa linzake, muone mizere imene ili pa lina koma palibe pa linalo. Kawirikawiri yotchipayo yatchipa chifukwa ilibe mankhwala otchinga madzi, ikusiya mapaipi achitsulo m'khoma, ikumata matailosi atsopano pa pulasitala wakale wofooka, ndipo ilibe ya zadzidzidzi. M'chitsanzo chathu, kungochotsa mankhwala, leba yowapaka ndi ya zadzidzidzi kukutsitsa mtengo ndi K630,000, pepalalo n'kuoneka lokoma pamene bafalo ndi loti lidzagumulidwanso. Mmisiri wabwino amene sadziwa kulemba bwino aliponso, ndipo ndi ambiri. Ameneyo musamutaye chifukwa cha pepala. Khalani naye pansi ndi tepi, mulembe limodzi, nonse musayine ndipo aliyense atenge lake.

Gawo lomaliza la pepalalo ndi kalipiridwe. Leba isaperekedwe yonse poyamba, komanso si chilungamo kuisunga yonse mpaka kumapeto, poti mmisiri ali ndi anyamata ofuna kudya tsiku lililonse. Imangirireni ku zinthu zooneka ndi maso. Gawo loyamba akamaliza kugumula ndi kutaya. Lachiwiri mapaipi akayesedwa inu mukuona, asanakwiriridwe. Jambulani makomawo tsiku limenelo, kuti mtsogolo woboola khoma poika kalilole adzadziwe mmene paipi yadutsa. Lachitatu fulo ikasunga madzi maola 24 aja. Lachinayi matailosi ndi zonse zikaikidwa. Ndipo gawo limodzi mwa magawo khumi a leba, apa K80,000, litsale kwa mwezi umodzi bafalo likugwiritsidwa ntchito. Izi zilembedwe ntchito isanayambe, osati kumudzidzimutsa nazo mmisiri tsiku lomaliza.

M'mwezi umenewo muli zoti muone. Mukasamba, madzi achoke okha osafuna kukankhidwa ndi chokolopera. M'bafa musamveke fungo la kusepitiki. Likamveka, ndiye kuti pa shawa kapena pa sinki palibe kagoli kosunga madzi kotchinga mpweya, kapena mphira wa kumbuyo kwa chimbudzi sanakhale bwino. Chimbudzi chisagwedere mukakhalapo. Khoma la kuchipinda choyandikana lakale lija limatenga milungu kuti liume, choncho lembani ndi pensulo malire a pamene panyowa, muone ngati akubwerera m'mbuyo kapena akukula. Pa mapaipi obisika, tsekani mipopi yonse m'nyumba nthawi imene madzi akutuluka bwino, dikirani kuti thanki ya chimbudzi ndi giza zidzaze, werengani mita ya madzi mpaka timanambala tofiira, ndipo muwerengenso pakatha maola awiri popanda wotsegula mpopi. Ngati yasuntha, penapake pakudontha, ndipo mmisiri abwere adzafufuze asanalandire K80,000 yake.